LM741C kapena OP07C pokulitsa 10 mV ya sola?

Tinene kuti mukuyeza karenti ya batire la sola ku Mangochi, ndipo shanti ikupereka 10 mV yokha. Mukalowetsa chizindikirochi ku mwendo wa (−) wa op-amp ngati LM741C kapena OP07C kudzera pa R1 = 1 kΩ, ndipo R2 = 100 kΩ ikubwezera chotuluka ku mwendo womwewo, muyembekezera −1 V.

Geni yeniyeni ndi iyi:

```
G = −(R2/R1) / (1 + (1 + R2/R1)/A)
```

A ndi geni ya op-amp payokha, popanda R1 ndi R2. Pa DC, A ya 741 imakhala pafupifupi 200,000, choncho G ndi −99.95. Ya OP07 imaposa apo, koma kusiyanako mita yanu singakuone.

Pamene zasiyanirana ndi pa Vos, voteji yaing'ono yabodza ya pakati pa miyendo yolowera ya op-amp, yomwe imachulukitsidwa ndi 101, osati 100. 741C imatha kufika 6 mV, kutanthauza 0.6 V yabodza pamwamba pa 1 V yanu. OP07C sipitirira 0.15 mV, ndiye bodzalo ndi 0.015 V basi. Kuti muone nokha, lumikizani R1 ku 0 V muyeze chotuluka. Pa 741 mutha kuchifafaniza ndi potenshomita, koma kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala kumachisunthanso.

Liwiro la chizindikiro likakwera zinthu zimatembenuka, chifukwa A imagwa. Pa 10 kHz, 741 imatsala ndi geni pafupifupi 70, OP07 pafupifupi 50. Karenti ya batire sithamanga chomwecho, motero ine ndingatenge OP07C.