Ndemanga: matayala a 185/70R14 pa Honda Fit yobwera ndi 175/65R14

Ndinaika matayalawa pofuna kuti galimoto ikwereko pang'ono, chifukwa inkagunda pansi pa mahampu ndi mumsewu wafumbi wopita kwathu. Pa ntchito imeneyi andithandiza ndithu, koma aliyense wofuna kuchita chimodzimodzi adziwiretu zimene zimasintha.

Tayala la 175/65R14 ndi lotalika mamilimita 583 kuchokera pansi kufika pamwamba, pamene la 185/70R14 ndi mamilimita 615. Kusiyana kwake ndi mamilimita 32, koma galimoto imakwera ndi theka lokha, pafupifupi mamilimita 16, popeza theka linalo lili kumtunda kwa tayala ndipo limangodya malo mkati mwa madigadi. Kukwera kochepako kwakwanira kuti ndizidutsa mahampu ambiri osamva phokoso kunsi, ndipo maenje sakugwedeza msana ngati kale chifukwa mbali ya tayala ndi yaitali.

Chondidetsa nkhawa ndi sipidomita. Imawerenga kuzungulira kwa tayala, ndiye tayala likakula ndi maperesenti oposa 5, galimoto imathamanga kuposa mmene inkathamangira muvi uli pamalo omwewo. Ndi matayala akale, muvi ukakhala pa 100, GPS ya pafoni inkaonetsa 96. Tsopano ikuonetsa 101. Mpata umene opanga galimoto amasiya kuti woyendetsa asapitirire liwiro mosadziwa watheratu, choncho pamalo amene apolisi apamsewu amaima ndi kamera ndimasunga muvi kunsi kwa malire. Makilomita nawonso akuwerengedwa moperewera, moti pa 100 enieni galimoto imalemba pafupifupi 95, ndipo izi ziyenera kukumbukiridwa powerengera mafuta ndi nthawi yosinthira oyilo.

Kukhula kulipo, ngakhale si nthawi zonse. Ndikapinda chiwongolero mpaka kumapeto pobwerera m'mbuyo, tayala lakutsogolo limakhudza pulasitiki ya mkati mwa madigadi, ndipo pamalopo paoneka kale kachigamba konyezimira. Kumbuyo limakhula ndikanyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga n'kudutsa pahampu mofulumira. Kuyesa galimoto ilibe katundu, monga zimachitikira pamalo oikira matayala, sikuonetsa vutoli.

Pamakhota galimoto imapendekeka kwambiri kuposa kale ndipo imachedwa pang'ono kumvera chiwongolero, zimene ndinaziona bwino potsika mapiri a msewu wa ku Chikwawa. Pokwera chitunda injini ya 1.3 imalemedwa msanga.

Kwa amene amayenda tsiku lililonse mumsewu wokumbika, matayalawa ndi oyenera ndalama zake, malinga aikidwe onse anayi ofanana kuti ABS isasokonezeke. Kwa oyenda kwambiri patala ndingalangize 175/70R14, amene amakweza galimoto ndi mamilimita pafupifupi 9 ndipo amasintha sipidomita ndi maperesenti 3 okha.