Tebulo lobisala mukabati pabalaza, patha miyezi 11

"Alamu, kabati yanu yosanduka tebulo ija ikadali moyo? Ndikufuna ndikhometse yanga, koma ndalama zake zikundiopsa."

Ikadalipo alamu, ndipo ndikulembera pomwepo. Koma musanapite kwa kalipentala, imvani kaye zimene idandionetsa nthawi yadzinja.

Ndidaikhometsa mu Ogasiti chaka chatha. Nyumba yathu ya lendi ku Chibavi ndi ya zipinda ziwiri, china chathu china cha ana, ndiye ntchito yanga yowerengetsera ndalama za timabizinesi ta anthu ndinkagwirira patebulo lodyera. Tsiku limene ndidapeza lisiti la kasitomala litanyowa ndi msuzi wa usipa ndidati basi zakwana. Kabatiyi ndi bokosi lomamatira kukhoma, masentimita 90 mulifupi, 55 msinkhu wake, ndipo latuluka kukhoma ndi masentimita 20 okha. Chitseko chake chimatsegukira pansi n'kugwidwa ndi matcheni awiri, ndiye chimenecho n'chimene chimakhala tebulo. Tidayeza kuti chikagona chizikhala masentimita 74 kuchoka pansi, kuti ndizigwiritsa ntchito mpando wodyera osagula wina. Zonse pamodzi ndidalipira K165,000.

Zambiri zili bwino. Laputopu, mafayilo anayi ndi kabokosi ka malisiti zimakwana. Mahinji sadalirepo. Mawaya amatulukira pakabowo kapansi kupita kusoketi, ndiye saoneka. Nthawi ikakwana 5 koloko ndimangokweza chitseko, maginito n'kugwira, ndipo alendo amaona ngati ndi kabati ya mbale. Apongozi atabwera kuchokera ku Ekwendeni adayalapo kansalu pamwamba n'kuikapo maluwa, ine osanena kanthu.

Mavuto adayamba kumapeto kwa Febuluwale. Poyamba ndi cholembera chimene chidandidabwitsa: ndikachiika patebulo chinkagubuduzika chokha mpaka kugwa. Kenako laputopu idayamba kugwedera ndikamataipa, ngati yakhala pamwala. Pofika pakati pa Malichi chitseko chidakana kutsekeka. Pakati pake pankagunda shelefu ya m'kati, koma m'mphepete mwa pamwamba mudatsala mpata woti chala chaching'ono n'kulowa, maginito osafikira. Usiku wina chidagwa chokha, phokoso lake tonse tidadzuka poganiza kuti kwabwera akuba. Kuyambira pamenepo ndinkachimanga ndi lamba wa chikwama. Chinthu chimene ndidagulira kuti chibise ntchito chidasanduka chinthu choyamba chimene mlendo aliyense ankafunsa.

Nditagoneka rula yachitsulo pathabwalo ndidaona kuti latukumuka pakati. Rula inkakhudza pakati pokha, kumapeto kukutsala pafupifupi mamilimita 8. Chitsekocho kalipentala adachipanga ndi matabwa atatu a paini olumikiza ndi guluu, ndipo vanishi adapaka kunja kokha, koonekera anthu. Mbali ya m'kati, imene ndimalemberapo, adangoisalaza ndi sandipepala. Thabwa likamwa chinyontho limafufuma chopingasa. Ndiye ngati mbali imodzi yatsekedwa ndi vanishi pamene inayo ikumwa, yomwayo imakula yokha, thabwa n'kupindika ngati chipande. Kuno ku Mzuzu mukudziwa, mvula ikayamba sidziwa kutsanzika, imafika mpaka Epulo kapena Meyi, zovala zimatha masiku atatu pachingwe. Kuwonjezera apo kabatiyo tidaiika pakhoma lakunja limene mvula imawomba, itamamatira kotheratu. Nditachotsa mafayilo, kumbuyo kunali chuku chobiriwira, ndipo fayilo yakumapeto inkanunkha ngati chovala choiwalika m'beseni.

Kuti nditsimikize, bambo a kunyumba adamasula chitsekocho, tidachiyanika padzuwa masana awiri, mbali yopanda vanishi ili pamwamba. Chidawongoka pafupifupi chonse. Titabwezera, sabata isanathe chidapindikanso. Apo ndidadziwa kuti vuto si mahinji ayi.

Chimene chidandiopsa kwambiri ndidachiona mwangozi pomasulapo. Kabati yonse inali itayamba kusiyana ndi khoma pamwamba. Ukatsamira ndi zigongono kumapeto kwa tebulo, kulemera konse kumadutsa m'matcheni n'kukakoka bokosi pamwamba. Pansi pamangokankha khoma, koma masikuluu apamwamba ndi amene amazulidwa. Athu anali a masentimita 5, ndipo awiri adalowa pamzere wa pakati pa njerwa, pomwe omanga nyumbayi adangopusitsa simenti. Ndidaona fumbi la mchenga pamwamba pa laputopu m'mawa uliwonse kwa milungu ingapo, ine n'kumati ndi chiswe. Mukaona fumbi lotere pansi pa chinthu chopachika, musadikire.

Tsono za mmisiri. Munthuyo ntchito ya manja amaidziwa, zolumikiza zake n'zaukhondo, koma pa foni ndi wina. Ulendo woyamba adati, "Amayi, matabwa amatero, kukatentha libwerera." Wachiwiri adati ali ku maliro. Wachitatu foni idayankhidwa ndi mwana. Mu Epulo ndidakwera kabaza mpaka pa shedi yake nditanyamula chitsekocho pamiyendo. Atachitembenuza adakhala chete pang'ono, kenako n'kuti vanishi wa m'kati sitidagwirizane. Apa mtima udandipweteka, chifukwa n'zoona sitidatchule, koma ine ndingadziwe bwanji kuti chimenecho n'choti munthu atchule? Ndikagula nsapato sindinena kuti ikhale ndi zidendene zonse ziwiri.

Tidamvana kuti ine ndigule zipangizo, iye agwire ntchito ulere. Chitseko chatsopano n'cha bulokubodi ya mamilimita 18, imene sipindika msanga ngati matabwa olumikiza chifukwa zigawo zake zimapingasana. Wapaka vanishi katatu mbali zonse ziwiri, ndi m'mphepete momwe, ine nditaimirira pomwepo. Kumbuyo kwa bokosi waika timitengo tiwiri ta masentimita awiri kuti pakhale mpata wa mpweya pakati pa kabati ndi khoma, ndipo waboola timabowo tisanu pansi ndi tisanu pamwamba. Masikuluu apamwamba tidachotsa, m'malo mwake muli mabawuti atatu a masentimita 10, a mtundu uja umatambasuka m'kati mwa khoma ukamamanga. Pobowola tidayang'ana fumbi: likatuluka lofiira ndiye kuti talasa njerwa, likatuluka lotuwa tidasuntha. Alandilodi adabwera kudzawerenga mabowo akalewo, ndipo ndidawatseka ndi ndalama zanga.

Zonsezi zidandidyera K58,000 ina, kuphatikizapo kabaza. Ntchitoyo idatha mu Meyi, mvula itatsala pang'ono kusiya, ndiye chitseko chatsopanochi sichinaone dzinja lenileni. Mawawa a Juni ndi nkhungu ya m'mawa chapirira, rula ikugona bwinobwino. Komabe masiku a chinyontho ndimasiya chotsegula ola limodzi ndikaweruka, ndipo laputopu sinditsekeramo ikutchaja, chifukwa tsiku lina ndidaipeza yatentha ngati mbatata yootcha.

Mukadandifunsa mu Malichi ndikadakuuzani kuti gulani tebulo wamba muziphimba ndi chitenje. Lero ndikatseka madzulo, ana n'kukhala pansi pake kuonera TV, mtima umakhala m'malo. Koma ndikakumbuka kuti chinthu cha K165,000 chandidyera K223,000, ndimayambanso kuwerengera. Inu alamu khoma lanu lija la pakati pa balaza ndi chipinda ndiye loyenera, osati la kuwindo. Vanishi wa mbali zonse ndi mabawuti mulembetse papepala musanapereke kalikonse, ndipo musamalize kulipira mpaka kalipentala aikhome, mutsamirepo ndi zigongono zonse ziwiri iye akuona. Nambala ya mmisiri wanga ndikupatsani mukaifuna, koma kwa ine akadali ndi ngongole ya loko imene adalonjeza kuti adzaika pachitseko Loweruka lina la mu Meyi.