Makina ochapira ogula kwa munthu, patatha miyezi 9

"Alamu, makina ochapira amene munagula kwa anthu a ku Area 47 aja akugwirabe? Ndapeza ena ku Biwi, mwiniwake akuti ali bwinobwino. Ndione chiyani ndisanapereke ndalama?"

Akugwira alamu, uno ndi mwezi wa 9, koma pakatipa anandidyera ndalama, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndi aja otsekulira kutsogolo, a makilogalamu 7. Tsiku logula eni ake anawayatsa opanda zovala, madzi analowa, diramu inazungulira, madzi anatuluka. Sipanathe ndi mphindi 10 ine ndinali nditapereka kale ndalama. Makina opanda katundu amabisa matenda ambiri, ndipo amene anabisa angawa ndi aakulu kuposa onse.

Mwezi wachinayi anayamba kulira akafika pofinya zovala. Poyamba kunali kung'ung'udza chabe, koma patatha masabata atatu phokoso lake linali la chigayo, moti aneba a kuseri kwa mpanda anafunsa ngati tayamba kugayitsa. Kenako malaya oyera a sukulu anatuluka ndi timadontho tofiirira ngati dzimbiri. Ndinaitana mmisiri wina wa ku Mchesi. Atangochotsa chitsulo cha kumbuyo anandilozera mzere wa dzimbiri wotsika kuchokera pakati, pamene pali gudumu loyendamo lamba. Mzerewo unali wouma, wakalekale, kutanthauza kuti unalipo kale tsiku ndinkalipira lija.

Anandifotokozera motere. Diramu imakhala pa mtanda wachitsulo umene umazungulira pa mabering'i awiri, ndipo patsogolo pa mabering'iwo pali kalabala kotchinga madzi. Kalabalako kakatha, madzi a sopo amalowa n'kutsuka girisi, dzimbiri n'kuyamba ntchito yake. Mwayi wanga unali woti chimgolo chakunja, chimene diramu imazunguliramo, ndi cha zigawo ziwiri zomangidwa ndi mabawuti. Makina ena chimgolocho anachimatiratu ku fakitale, ndiye mabering'i akatha pamafunika kuchidula kapena kugula china chonse, zimene kuno n'chimodzimodzi kuwataya. Mabering'i tinawapeza tsiku lomwelo m'mashopu a zipangizo za galimoto, poti nambala yake imalembedwa m'mbali. Kalabala kaja ndi kamene tinakadikira masabata atatu, tikuchapa pamanja ngati kale. Zonse pamodzi zinakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo umene ndinagulira.

Ndiye ku Biwiko muyambire pamenepa, makina asanayatsidwe n'komwe. Tsekulani chitseko, pukusani diramu ndi dzanja mwamphamvu, tcherani khutu. Yabwino imayenda mosalala, phokoso lake n'lochepa. Mukamva kukhwekhwereza ngati muli mchenga, mabering'i ayamba. Kenako gwirani mlomo wa diramu cha kumwamba, muikankhire m'mwamba n'kuisiya. Chimgolo chonse chigwedezeka, zimenezo n'zabwinobwino poti chimalendewera pa masipuling'i. Chimene mukufuna kuona n'choti kodi diramu yamkati ikusuntha payokha, kusiyana ndi labala wa pachitseko. Ikamachita gwedegwede, kapena ikamazungulira mopendama ngati tayala lopindika la njinga, mwina mtanda uja wadyeka n'kuthyoka. Amenewo asiyeni ngakhale mwiniwake atatsitsa mtengo bwanji. Mupemphenso sikuludiraiva muchotse chitsulo cha kumbuyo, muunike ndi tochi ya foni kuti muone ngati pali mzere wa dzimbiri uja. Mukatero muonanso ngati makoswe sanadye mawaya, poti makina ambiri ogulitsa amakhala atagona m'sitolo miyezi.

Zikatero mulowetse katundu. Musadalire kuti akupatsani zovala, nyamulani matawulo anu aakulu atatu kapena anayi. Ikani pa `Rinse` kuti anyowe, kenako `Spin` pa liwiro lalikulu limene lilipo, kaya 1000 kaya 1200. Apa pafunika kusiyanitsa maphokoso. Kubangula kumene kumakula pamene liwiro likukwera ndi mabering'i. Kumenya kwa gu gu gu, makina n'kumayenda pansi, kawirikawiri ndi mashoko otha kapena miyendo yosalingana, ndipo zimenezo sizidula kwambiri. Kangwerengwere wa kachitsulo nthawi zambiri ndi ndalama kapena kawaya ka bula kamene kanalowa pakati pa diramu ndi chimgolo. Pamene akufinya muone pansi ngati pakudontha, ndipo akamaliza mupinde labala wa pachitseko muyang'ane m'khwinya mwake. Nkhungu yakuda imachoka, kung'ambika ndiye vuto.

Kutsogolo cha pansi, nthawi zambiri kumanja, kuli kachitseko ka sefa ya pampu. Ikani beseni kapena chisanza, mupotokole pang'onopang'ono. Mwanga ndinapezamo K10 yachitsulo, mapini a tsitsi ndi ulusi wodzaza dzanja, ndipo nditangochotsa madzi anayamba kutuluka msanga. Zoterezi zisakuopseni. Choopsa ndi tizidutswa totuwa tofumbutuka ngati phulusa louma, poti tikhoza kukhala tochokera ku mtanda uja.

Chotenthetsera madzi anthu ambiri sachiyesa chifukwa chimafuna kudekha. Ikani `Cotton 60`, mukhale pansi mucheze, pakatha mphindi 20 mugwire galasi la chitseko. Likakhala lozizirabe ndiye kuti sichikugwira, ndipo mtengo utsike. Chimakoka mawati pafupifupi 2000, n'chifukwa chake ine ndimachapira madzi ozizira kupatula matewera ndi zofunda za wodwala. Mayunitsi amaoneka kusiyana kwake. Pulagi ikhale ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 13A, osati mawaya osomeka m'soketi. Makina akamanyerenyetsa mukakhudza chitsulo chake, zimitsani pomwepo, musapitirize. Ndinagulanso kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu atathima, poti kabodi ka mkati kakapsa n'kovuta kukapeza. Muonetsetse kuti n'ka 13A, tina togulitsira furiji n'tochepa mphamvu.

Pali china chimene simungachione kwa wogulitsa, chifukwa chili kwanu. Makina otere amafuna madzi obwera ndi mphamvu, ambiri amalemba kuti mphamvuyo isachepere 0.5 kapena 1 bar. Madzi otsika kuchokera mamita 10 m'mwamba ndi amene amapereka 1 bar, ndiye thanki yanga ya ku Area 25, imene ili mamita 4 m'mwamba, imapereka 0.4 basi. Tsiku limene kumpopi kwauma n'kumadalira thanki, makina amadzaza mochedwa, nthawi zina amaima n'kumaphethira nyali. Komanso madzi akabwerera atasowa amayamba ndi matope ofiira, amene amatseka kasefa kakang'ono ka pamene paipi imalowera kumbuyo. Panopa ndimayamba ndatsekula mpopi wapanja mpaka madzi ayere, ndipo kasefako ndimakazula ndi pulayala mwezi uliwonse n'kukatsuka ndi mswachi wakale. Kwanu kuja madzi amavuta kuposa kwathu, ndiye ganizaninso za aja a migolo iwiri othira ndi ndowa. Sakongola m'nyumba, koma safunsa za mphamvu ya madzi.

Mukagwirizana mtengo, funsani ngati anasunga mabawuti omangira diramu paulendo, amakhala atatu kapena anayi. Ambiri anataya. Ngati palibe, muike bulangete pakati pa chimgolo ndi thupi lake mutachotsa chivundikiro chapamwamba, makinawo akwere ali chilili, amangidwe ndi chingwe, ndipo woyendetsa amve kuti m'mabampu aziyenda ngati wanyamula mazira. Akakhala kuti mabawuti alipo, musaiwale kuwamasula musanachape.

Muwauze a ku Biwiwo alumikiziretu paipi ku mpopi, ndipo musankhe nthawi imene magetsi ali oyaka. Loweruka m'mawa ndilipo, matawulo ndi sikuludiraiva ndibwera nazo ine.