Aorisiti ya Chigriki: njira zitatu zoiwerengera, imodzi yokha ndiyo sigwa

Ambirife tinaphunzira kuti aorisiti, umodzi mwa mitundu ya mneni wa Chigriki, ndi nthawi yapita basi. Njira yoyambayi imathandiza pa nkhani zosimba. Egrapsa ndi "ndinalemba". Koma egraphon, yomwe si aorisiti, nayonso ndi yakale: "ndinkalemba". Onse awiri ali ndi e kumayambiriro, ndipo kachilembo kameneko ndiko kamalozera m'mbuyo. Mneni akakhala wolamula, e uja amachoka, za kale zija n'kuchoka naye limodzi.

Taonani Pemphero la Ambuye. Pa Mateyu 6:11 pali dos, aorisiti yolamula: "mutipatse lero". Palibe amene amapempha chakudya cha dzulo. Pa Luka 11:3 mneni ndi yemweyo, koma walembedwa didou, pamodzi ndi mawu akuti tsiku ndi tsiku: "muzitipatsa". Ife a Chichewa kusiyana kwa "mutipatse" ndi "muzitipatsa" timakumva m'khutu popanda wotifotokozera. Si kusiyana kwa nthawi ayi. Wina akupempha chinthu chonse pamodzi, winayo akupempha chobwerezabwereza.

Ngakhale e akhalepo, nthawi zina tanthauzo silikhala lakale. Pa 1 Petro 1:24 mawu a Chigriki ali ngati akuti "udzu unauma, duwa linagwa", pomwe akunena zochitika chaka ndi chaka. Mwambi wathu woti safunsa anadya phula umayenda chimodzimodzi: sitikamba za munthu mmodzi wa makedzana.

Njira yachiwiri imamveka kwambiri pa guwa: akuti aorisiti ndi chinthu chochitika kamodzi kokha, m'kanthawi kochepa. Imeneyi imandidetsa nkhawa kuposa yoyamba, chifukwa anthu amamangapo chiphunzitso chonse. Komatu pa Yohane 2:20 Ayuda akunena za zaka 46 zomanga kachisi, ndipo mneni "kumanga" ali mu aorisiti. Pa Chivumbulutso 20:4 "analamulira" zaka 1,000, aorisiti yomweyo. Katswiri wa Chipangano Chatsopano Frank Stagg anadzudzula kawerengedwe kotere mu 1972, koma mpaka lero kakadalipo.

Yachitatu imati aorisiti imasonyeza mmene wolemba akuonera chochitikacho. Amachiona chathunthu, ngati munthu amene waima pachulu n'kuona munda wonse, osati amene ali m'kati mwa mizere akupalira. Kutalika kwake, kapena kuti chinachitika kangati, aorisiti sinena. Dzina lake lomwe limatanthauza chopanda malire oikika. Zimenezo muzipeze m'mawu ozungulira, monga "lero" kapena "zaka 46". Njira imeneyi imakwana pa mavesi onse tatchulawa.

Akatswiri a Chigriki otsatira njirayi nawonso amasiyana. Stanley Porter mu 1989 anati mneni wa Chigriki sasonyeza nthawi mpang'ono pomwe. Buist Fanning mu 1990 anati mneni wofotokoza, wokhala ndi e uja, amasonyezabe nthawi yapita. Ine ndili kumbali ya Fanning, chifukwa mukawerenga Marko mutu ndi mutu, pafupifupi aorisiti iliyonse yokhala ndi e ikusimba zomwe zinachitika kale.