Kusintha mtundu wa yunifomu osawononga baji: mapulomputi 3 amene ndinayesa pa juzi imodzi

Aphunzitsi aakulu a sukulu ina ya pulaimale ya cha ku Matawale anabwera pa shopu yathu yosindikizira pafupi ndi msika wa Zomba m'mwezi wa Meyi, kuzizira kutangoyamba, ali ndi chithunzi cha mwana atavala juzi yobiriwira. Komiti ya sukulu inkafuna kusintha juziyo kukhala ya maruni, koma makolo ankati aione kaye isanaoderedwe ku Limbe. Pachifuwa cha juziyo pali baji yopeta ndi ulusi: phiri lobiriwira, buku lotsegula loyera, mkombero wachikasu, ndipo pansi pake pali mawu akuti MAPHUNZIRO NDI CHUMA. Kuyambira nthawi imeneyo anzanga a matimu a mpira ndi a makwaya akhala akundifunsa kuti ndi pulomputi iti, kutanthauza mawu olamula pulogalamu ya AI yosintha zithunzi, imene imasintha nsalu yokha n'kusiya baji, choncho ndafotokoza pano njira 3 zimene ndinayesa pa chithunzi chimodzi chomwecho.

Njira yoyamba ndi imene aliyense amayamba nayo, ndipo ndi imene inandidyera ndalama. Ndinalemba mawu ochepa mu pulogalamu ina ya pa foni imene sindiitchula dzina.

```
Change the sweater to maroon. Keep the logo the same.
```

Pa foni chithunzicho chinkaoneka bwino kwambiri moti ndinachitumiza kwa aphunzitsi aakulu tsiku lomwelo. Mawa lake anandiimbira foni n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, kodi sukulu yathu inasintha liti mawu ake?" Nditachikulitsa pa kompyuta ndinapeza kuti bajiyo inkati MAPHUNZRO NDI CHIMA, buku linali ndi masamba atatu, ndipo phiri lija linali lasanduka la maruni ngati juzi. Ndinabwereza maulendo 7, ndipo ulendo uliwonse pulogalamuyo inkadula makirediti, mayunitsi ake ogula ndi ndalama, ngakhale chithunzi chitatuluka chowonongeka. Chimene chinandiwawa kwambiri chinabwera pomaliza: chithunzi chimene chinaoneka kuti chayandikira ndinkangololedwa kuchitsitsa chaching'ono, ndipo chachikulu choyenera kusindikiza chinkafuna kuti ndilipire kaye ya mwezi wathunthu. Zimenezi sizinalembedwe pamene ndinkagula makirediti. Mpaka lero pulogalamuyo sindinaitsegulenso, ndipo ndikuvomereza kuti mkwiyo umenewu uli m'chigamulo changa.

Komabe vuto la baji silinali la pulogalamu imeneyo yokha, ndipo chifukwa chake ndi chimene chimasiyanitsa njira zonsezi. Zida zimenezi sizipaka utoto pa juzi monga amachitira munthu ndi bulashi. Zimajambulanso chithunzi chonse, baji ndi nkhope zomwe, potengera chakale. Zida monga Stable Diffusion ndi FLUX zimayamba zapanikiza chithunzi kuti chichepe ka 8 m'litali ndi ka 8 m'lifupi, kenako n'kugwira ntchito pa chaching'onocho. Chithunzi changa chinali cha mapikiseli 1024 mbali iliyonse, ndiye kuti chinkasanduka timabokosi 128 mbali iliyonse. Baji inali yotambalala mapikiseli pafupifupi 96, amene ndi timabokosi 12 tokha, ndipo zilembo 18 za mawu aja zinkayenera kukwana m'menemo. Chilembo chimodzi sichinkakwana ngakhale kabokosi kamodzi. Chidacho chikafika pamenepo chimangolemba zinthu zofanana ndi zilembo, ndipo mawu akuti `keep the logo` sangabweze zimene zatayika kale popanikiza. Za phirilo n'zosavuta kumvetsa: ndinalamula kuti zobiriwira zikhale za maruni, ndipo phiri ndi lobiriwira lokhala pa juzi yobiriwira.

Njira yachiwiri ndi pulomputi yofotokoza bwinobwino, yoperekedwa ku zida zimene zinapangidwira kusintha chithunzi potsatira mawu, monga FLUX.1 Kontext, Qwen-Image-Edit ndi Gemini 2.5 Flash Image, zonse za mu 2025. M'malo mongoti logo, mumatchula malo amene baji ili, zimene zili m'kati mwake, mitundu yake ndi mawu ake enieni, ndipo mumanena kuti chosintha ndi nsalu yolukayo basi.

```
Recolour only the knitted fabric of the sweater from green to maroon.
Leave the embroidered badge on the left chest unchanged: green mountain,
white open book, yellow border, text "MAPHUNZIRO NDI CHUMA".
Keep the folds, shadows, face, pose and framing identical.
```

Mawu awiri akuti `green mountain` ndi amene anapulumutsa phiri, chifukwa tsopano chidacho chinali chitauzidwa kuti pali chobiriwira china chimene chiyenera kutsala. Kuika mawu a baji m'zizindikiro za mawu ogwidwa kunathandizanso kuti kalembedwe kakhale kolondola maulendo ambiri. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti zilembozo zinali zolondola koma sizinali zomwe zija: zinatuluka zosalala ngati zosindikiza, pamene pa juzi yeniyeni ulusi umaoneka mizeremizere ndipo chilembo cha M n'chopendekeka pang'ono. Pa chithunzi choonetsa makolo pa foni zimenezi n'zokwanira. Pa chithunzi chopita kwa wopeta mabaji kuti atengerepo chitsanzo, sizokwanira.

Njirayi inayenda bwinopo nditadula chithunzi n'kusiya chifuwa chokha, kotero kuti baji inatenga mapikiseli pafupifupi 300 m'malo mwa 96. Amene akujambula yekha chithunzi ayandikire, ndipo apemphe kuti chitumizidwe pa WhatsApp ngati `Document`, chifukwa chikatumizidwa mwachizolowezi chimapanikizidwa ndipo baji imafika itafufutika kale. Pa liwiro, njira imeneyi ndi yachangu kuposa zonse ndipo imatheka pa foni.

Njira yachitatu ndi pulomputi yoyenda ndi masiki, kutanthauza kuti mumapaka nokha malo oyenera kusintha n'kusiya baji kunja. Ine ndinagwiritsa ntchito Stable Diffusion kudzera mu pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa AUTOMATIC1111, pa gawo la `Inpaint`. Ubwino wake ndi wakuti pulogalamuyi ikamaliza imabwezeretsa mapikiseli akale pamalo onse amene sanapakidwe, choncho baji imatsala yomwe ija, ulusi ndi ulusi. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ina yofanana nayo yotchedwa ComfyUI ayenera kuwonjezera okha `ImageCompositeMasked` kumapeto, apo ayi chithunzi chonse chimadutsa m'kupanikiza kuja ndipo zilembo zimasinthabe pang'ono ngakhale zili kunja kwa masiki. Ndiponso si chida chilichonse chokhala ndi bulashi chimene chimalemekeza masiki motere, popeza kwa zina masiki ndi chitsogozo chabe ndipo zimajambulanso zonse.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti pulomputi ya njira imeneyi ndi yotsutsana ndi ya njira yachiwiri. Apa baji simuitchula n'komwe, chifukwa pulomputi ikufotokoza zimene zijambulidwe m'malo opakidwawo. Ulendo woyamba ndinakopera pulomputi yaitali ija, ndipo ndinapeza baji yachiwiri, yopindika, itamera kudzanja lamanja la chifuwa. Yolondola ndi yaifupi, ndipo mawu a baji amapita ku mbali ya zinthu zokanidwa.

```
Prompt: plain maroon knitted school sweater, natural folds
Negative prompt: logo, badge, text, letters, green
```

Ngakhale zili choncho, `Denoising strength`, mlingo wa kukula kwa kusintha kumene chidacho chimaloledwa kuchita, inandivuta kwa madzulo onse. Pa 0.3 juzi inkatsala yobiriwira, chifukwa chidacho chinkasunga zambiri za chithunzi chakale. Pa 0.75 maruni ankabwera, koma makwinya a nsalu ankasintha ndipo khosi la juzi linasanduka la mtundu wina wa kasokedwe. Chimene chinathetsa nkhaniyi ndi kuyamba ndapaka maruni mwachisawawa mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photopea ndi `Hue/Saturation` pa juzi yokha, kenako n'kulowetsa chithunzicho mu `Inpaint` pa 0.35, `Masked content` ili pa `original`. Pamenepo ntchito ya chidacho inangokhala kukonza kuti mtunduwo ukhale ngati wa ulusi weniweni. Vuto lina lili m'mphepete mwa baji. Masiki ikatalikirana ndi baji, kamzere kobiriwira kamatsala mozungulira mkombero wachikasu ngati ndere, ndipo ikalowa kwambiri mkomberowo umadyedwa. Ndinasiya `Mask blur`, yofewetsa m'mphepete mwa masiki, pa 4, n'kukulitsa chithunzi popaka kuti bulashi igunde ulusi wachikasu ndendende. Njirayi imafuna kompyuta yokhala ndi khadi la zithunzi lamphamvu, ndipo ndi magetsi athu ndinaphunzira kusunga masiki ngati fayilo yapadera ndisanayambe china chilichonse.

Maso okha amanamiza, monga anandinamizira tsiku loyamba lija. Tsopano chithunzi chilichonse ndimachiyesa mu Photopea kapena GIMP: ndimaika chakale pamwamba pa chatsopano ngati leya, n'kusankha `Difference`. Malo amene sanasinthe amada bii, ndipo osintha amawala. Pa njira yoyamba baji yonse inawala, nkhope ya mwana nayonso. Pa njira yachiwiri mizere ya zilembo ndi ya phiri inaoneka, ndipo chithunzi chonse chinali chitasuntha pang'ono. Pa njira yachitatu baji inada yonse kupatula kamzere kopyapyala ka m'mphepete.

Kusuntha kumeneko n'kofunika kwa amene alibe kompyuta yamphamvu, chifukwa pali njira yapakati imene ndimawauza anzanga a makwaya. Sinthani mtundu ndi pulomputi yachiwiri, kenako dulani baji pa chithunzi chakale n'kuimata pa chatsopano mu Photopea, imene imatseguka pa intaneti popanda kulipira. Muyenera kuyamba mwafananitsa kukula kwa zithunzi ziwirizo, popeza zida zambiri zimabweza chithunzi cha kukula kwina, ndipo podula musatenge nsalu yobiriwira ya m'mbali. Ngati baji ili pamalo a mthunzi, monga pansi pa kolala, idetseni pang'ono kuti isaoneke ngati sitika.

Kwa ine yopambana zonse ndi njira yachitatu, ndipo ndimaigwiritsa ntchito pa chilichonse chopita kukasindikizidwa kapena kwa telala. Yachiwiri yophatikiza ndi kumata baji yakale imabwera pambuyo pake pang'ono, ndipo ndi imene ndingapangire munthu amene ali ndi foni ndi bandulo basi. Yachiwiri payokha ndimailola ngati baji ilibe zilembo, monga mtanda kapena nyenyezi ya timu. Yoyamba sindiipangira aliyense. Chithunzi chimene chinapita ku msonkhano wa makolo chinali cha njira yachitatu, chosindikizidwa pa A4, ndipo aphunzitsi aakulu anachiyandikiza kumaso n'kuwerenga mawu a baji chilembo ndi chilembo asanandilipire.