Mabuku a kampani kapena tchati cha mtengo: tidalire chiti pogula masheya?

Ife a ku Zomba amene timagula masheya pa Malawi Stock Exchange timakangana kawirikawiri za njira ziwiri zounikira, ya fandamento ndi ya tekiniko. Komatu njirazi sizifunsa funso limodzi.

Wa fandamento amafunsa kuti: kodi sheya imeneyi ndi yoyenera ndalama zingati? Amatsegula malipoti a kampani, nayang'ana phindu, ngongole ndi dividendi, gawo la phindu limene kampani imapatsa eni masheya. Tiyerekeze kuti sheya ili pa K100 ndipo kampani yapanga phindu la K20 pa sheya iliyonse. Mukagawa 100 ndi 20 mupeza 5, yomwe ndi P/E, kutanthauza kuti phindu la zaka zisanu lingafanane ndi mtengo mwagulirawo. Ngati kampani ina ya bizinesi yomweyo ili ndi P/E ya 12, yoyambayo ikuoneka yotchipa.

Vuto ndi loti malipoti amanena za dzulo, ndipo amatuluka kawiri kokha pachaka. Kwathu kuno kwacha nayo imasokoneza. Idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Kampani imene phindu lake lidakwera ndi 25 peresenti chaka chimenecho idabwerera m'mbuyo, ngakhale lipoti likusangalatsa. Yokhala ndi ngongole ya madola ndiye idalira zenizeni. Komanso kutchipa sikukuuzani tsiku limene mtengo udzakwere; mutha kudikira mpaka kutopa.

Wa tekiniko alibe nazo ntchito za mabuku. Funso lake ndi lakuti: mtengo ukulowera kuti, ndigule liti? Amatenga mitengo yotsekera ya masiku 20 apitawa, kuiphatikiza n'kugawa ndi 20. Mtengo walero ukadumpha pamwamba pa avareji imeneyo, amati ogula achuluka mphamvu.

Apa ndiye ine ndimakayika. Njirayi imafuna msika wa anthu ambiri ogula ndi kugulitsa mosalekeza, pomwe wathu uli ndi makampani osafika 20, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa n'komwe. Munthu mmodzi akagula masheya 500 pa K110 m'malo mwa K100, ndalama zokwana K55,000 basi, tchati chimaonetsa kukwera kwa 10 peresenti. Zili ngati kumva kuti wina wagula thumba limodzi la chimanga modula pa Songani, inu n'kumati chimanga chakwera boma lonse. Musanakhulupirire mzere uliwonse, onani kaye kuti masheya agulitsidwa angati tsiku limenelo. Kugula n'kugulitsa pafupipafupi nakonso kumadya phindu, chifukwa buloka, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, amatapa komishoni yake maulendo onse awiri.

Pa msika wathu ndimasankha kampani ndi mabuku ake. Tchati ndimachiyang'ana pa masheya okhawo amene amagulidwa pafupifupi tsiku lililonse, kuti ndione ngati ndingadzapeze wogula ndikafuna ndalama ya fizi.