Ndemanga ya maphunziro a mizere ya Fibonachi amene ndinachita ku Mangochi boma

Papita miyezi isanu chimalizireni maphunziro a milungu inayi amene bambo wina amaphunzitsa madzulo m'kachipinda kochita lendi kufupi ndi msika wa Mangochi boma, ndipo ndinadikira dala nthawi yonseyi kuti ndiyambe ndayesa zimene tinaphunzira ndisanalembe ndemanga. Phunziro lonse linali pa chinthu chimodzi: kujambula mizere ya Fibonachi pa tchati cha mitengo ya ndalama zakunja, kuyambira pachigwa pamene mtengo unalekezera kutsika mpaka pansonga pamene unalekezera kukwera, kenako kuona ngati mtengowo ukamabwerera pansi udzaima pa umodzi mwa mizereyo. Tinkagwiritsa ntchito pulogalamu ya MetaTrader 5 pa akaunti yoyeserera, ena pa laputopu, ambiri pa foni.

Pa nkhani ya kajambulidwe, aphunzitsiwa ndilibe nawo chifukwa. Pa tchati, kandulo iliyonse imasonyeza mmene mtengo wayendera pa nthawi yoikika. Iwo anayamba ndi kutiuza kuti chigwa choyenera kuyambirapo ndi kandulo imene ili ndi makandulo awiri kumanzere ndi awiri kumanja amene sanafike pansi ngati iyo, ndipo nsonga ndi chimodzimodzi koma mozondoka. Lamulo limeneli limatanthauza kuti nsonga simungaitchule nsonga mpaka makandulo awiri otsatira atatseka, ndiye pa tchati cha H4, pamene kandulo iliyonse ndi ya maola anayi, muyenera kudikira maola asanu ndi atatu musanajambule chilichonse. Ambiri tinkapupuluma, n'kumakoka chida mtengo ukadakwera, ndipo mizere yathu inkasuntha ndi kandulo iliyonse yatsopano. Pa laputopu chidacho chili pansi pa Insert, kenako Objects, kenako Fibonacci. Mumadina pachigwa n'kukoka mpaka pansonga, ndipo mukajambula bwino 100.0 imakhala pansi, 0.0 pamwamba. Mukaona zili mozondoka, dziwani kuti mwayambira kolakwika. Mzere wa 78.6 subwera ndi chidacho, choncho tinauwonjezera tokha polemba 0.786 pa Levels.

Chinthu china chimene anachita bwino n'chakuti anatiletsa kukhulupirira chida tisanawerengere pamanja. Masamu ake ndi awa:

```
mzere = nsonga - (nsonga - chigwa) x gawo
```

Chitsanzo chimene ndipitirize nacho ndi cha EURUSD, mtengo wa yuro poyerekeza ndi dola ya ku Amerika, ndipo manambala ndawasalaza pang'ono kuti asavute kutsatira. Mtengo unachoka pa 1.0800 n'kukwera mpaka 1.1000, umene ndi mtunda wa mapipi 200, popeza pipi imodzi ndi 0.0001. Mzere wa 23.6 peresenti unagwera pa 1.0953, wa 38.2 pa 1.0924, wa 50 pa 1.0900, wa 61.8 pa 1.0876, ndipo wa 78.6 pa 1.0843. Magawowa amachokera ku mndandanda wa manambala umene Leonardo wa ku Pisa, wodziwikanso kuti Fibonachi, anaulemba m'buku lake la Liber Abaci m'chaka cha 1202, momwe nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri zam'mbuyo: 21, 34, 55, 89. Mukagawa 55 ndi 89 mumapeza 0.618, mukagawa 34 ndi 89 mumapeza 0.382, ndipo 21 ndi 89 zimapereka 0.236. Koma 50 peresenti sichokera kumeneko m'pang'ono pomwe, ndi theka chabe limene amalonda akhala akuliyang'ana kuyambira kale, ndipo mkulu wa ku Pisayo nambala zake anazipeza powerengera kuswana kwa akalulu, osati mitengo ya pamsika. Aphunzitsi anatchula za akaluluzo moseka, osaona kuti zikugwedeza maziko a zimene anadzanena mlungu wachitatu.

Mlungu wachitatuwo ndi umene ndili nawo ndi dandaulo. Anatiuza kuti mzere wa 61.8 ndi khoma, kuti mtengo ukafika pamenepo umabwerera basi, ndipo anationetsa matchati akale ambirimbiri amene mtengo unatembenukiradi pamzere. Mayi wina wogulitsa usipa wouma ku Limbe, amene ankakhala kutsogolo kwanga, anafunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, nanga matchati amene unadutsa osaima ali kuti?" Iwo anayankha kuti, "Mayi, pamenepo ndiye kuti wojambula anasankha chigwa cholakwika." Yankho limeneli linandikhala pamtima, chifukwa likutanthauza kuti njirayi singalakwe: ikagwira ntchito ulemu ndi wa mzere, ikakanika mlandu ndi wa wojambula.

Ndinadzaona ndekha kukula kwa vuto la kusankha chigwa pa tchati chomwe chija. Kandulo ya pachigwa inali ndi mchira wautali umene unafika pa 1.0800, koma inatsekera pa 1.0830. Ine ndinayambira kumapeto kwa mchira, pamene mnyamata wa ku Namwera amene tinkakhala benchi limodzi anayambira pamene kandulo inatsekera. Mtunda wake unakhala mapipi 170, ndipo 61.8 wake unagwera pa 1.0895, pamene wanga unali pa 1.0876. Kusiyana kwake ndi mapipi 19, ndipo mzere umene iye ankautcha 61.8 unali pafupifupi pamalo amene ine ndinkati 50. Tonse tinali ndi tchati chimodzi, tsiku limodzi, koma makoma awiri osiyana. Kuwonjezera apo, michira ya makandulo imasiyana pang'ono malinga ndi buloka, kampani imene mumadzerako pochita malonda, ndipo wina amene akuyang'ana tchati cha D1, cha kandulo imodzi pa tsiku, akhoza kuyambira pachigwa china chakale kwambiri chimene pa H4 sichikuoneka n'komwe. Aphunzitsi anati tisankhe njira imodzi n'kuitsatira nthawi zonse, amene ndi malangizo abwino, koma sachotsa funso loti msika ukumvera mzere wa ndani.

Pali masamu ena amene m'kalasi sitinachite, amene ndinawachita usiku wina nditakhala pakhonde chifukwa cha kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Palibe amene amayembekezera kuti mtengo uime ndendende pamzere, ndipo ifeyo tinaphunzitsidwa kulola mapipi 10 pamwamba ndi 10 pansi. Ndiye kuti mzere uliwonse umatenga mapipi 20, ndipo mizere isanu imatenga mapipi 100 pa mtunda wa 200. Theka la malo onse amene mtengo ungatembenukirepo laphimbidwa kale ndi mizere. Pakati pa 1.0924 ndi 1.0876 mipata yotsala ndi ya mapipi anayi okha, moti mtengo ukatembenukira paliponse m'dera limenelo munthu adzanena kuti walemekeza Fibonachi. Zili ngati kukhoma zikhomo zisanu motalikirana pang'ono pamchenga wa kunyanja, funde la mwera likafika n'kubwerera inu n'kumauza anthu kuti chikhomo ndicho chalibweza. Pofuna kutsimikiza, ndinasintha magawo pa Levels n'kuika manambala ongopeka, 30, 45 ndi 70 peresenti, kenako ndinabwerera m'matchati akale. Maso anga anapezanso malo ambiri okongola amene mtengo unkaoneka ngati ukumvera mizere yopekayo.

Malonda a chitsanzo chija anathera motere. Mtengo unatsika kuchoka pa 1.1000, unazengereza pang'ono pa 1.0924, n'kupitirira mpaka 1.0880, pafupi ndi 61.8 wanga. Ndinagula, ndipo pofika m'mawa unali utakwera mpaka 1.0915, moti ndinayamba kudzimva kuti ndadziwa zinthu. Tsikulo linali Lachisanu loyamba la mwezi, limene nthawi zambiri dziko la Amerika limatulutsa lipoti la anthu olembedwa ntchito, ndipo kuno limatipeza masana, 14:30 kapena 15:30 malinga ndi nyengo ya kwawoko. Kandulo imodzi inadutsa 61.8 ndi 78.6 ngati palibe chilichonse, ndipo madzulo ake mtengo unali pansi pa 1.0800. Zinali ndalama zoyeserera, ndiye chimene chinapweteka ndi mtima chabe. Za kalendala ya malipoti oterewa m'maphunziro onse sanatchulemo, ndipo ndikuona kuti kumeneku n'kuperewera kwakukulu, popeza amene amagula ndi kugulitsa chifukwa cha lipoti sayang'ana mzere wa munthu aliyense.

Ngakhale zili choncho chidacho sindinachitaye, koma ntchito yake kwa ine inasintha. Tsopano ndimachigwiritsa ntchito ngati tepi yoyezera. Choyamba chimandiuza kuya kwa kubwerera kwa mtengo, ndipo kandulo ya H4 ikatsekera pansi pa 78.6 ndimasiya kuganiza zogula chifukwa kukwera kuja kwatsala pang'ono kufafanizika konse. Chachiwiri, chimene ndimachiona kuti n'chofunika kwambiri, chimandithandiza kuwerengera chimene ndikuika pachiswe. Tiyerekeze kuti Stop Loss, malo amene malonda amatsekeka okha kuti munthu asaluze zambiri, ili pa 1.0790, pansi pang'ono pa chigwa, ndipo cholinga ndi kubwerera pa 1.1000. Wogula pa 38.2 akuika pachiswe mapipi 134 kuti apeze 76, choncho ayenera kulondola pafupifupi maulendo 64 pa 100 alionse kuti angobweza zake. Wogula pa 50 akuika 110 kuti apeze 100, ndipo akufunika pafupifupi maulendo 52. Wogula pa 61.8 akuika 86 kuti apeze 124, ndipo maulendo 41 akumukwanira, tisanachotsepo zimene buloka amadula. Ubwino wa 61.8 uli pamenepa, pa kuyandikira kwake kuchigwa, ndipo kuipa kwake n'kwakuti mtengo ukakwera mwamphamvu nthawi zambiri sutsika mpaka kumeneko, munthu n'kungotsala akuyang'ana.

Mzere ndimaupatsa kulemera pokhapokha pamalopo pali chifukwa china chimene chikanakhalapo ngakhale ndikanapanda kujambula. Pa chitsanzo chathu, 1.0900 ndi nambala yosalala imene anthu ambiri amaikapo maoda awo, ndipo ngati pamtengo womwewo panali nsonga yakale imene msika unavutika kuidutsa, ndiye kuti malowo ndi oyenera kuwayang'anitsitsa. Ngakhale pamenepo ndimadikira kandulo itseke pamwamba pa mzere ndisanachite kanthu, ndiponso ndimayamba ndaona ngati kulibe lipoti lalikulu tsiku limenelo. Mzere umene uli wokhawokha pakati pa tchati ndimangouwerenga ngati muyezo.

Kwa munthu amene sanagwirepo chidachi, milungu iwiri yoyambirira ndi yoyenera ndalama zake, makamaka chifukwa aphunzitsi amayendera aliyense n'kumukonzera pamene wakoka molakwika, ndipo pa foni chala chimaphonya mchira wa kandulo kawirikawiri. Kachipindako n'kotentha ndipo bandulo mumagula nokha. Mlungu wachinayi unali wobwereza zomwe zija. Nditamaliza ndinawatumizira masamu a mapipi 100 pa 200 aja pamodzi ndi zithunzi za mizere yopeka, ndi pempho loti gulu lotsatira azilionetsanso matchati amene mtengo unadutsa osaima. Anayankha mwaulemu kuti aziona, ndipo mayi wa usipa uja atandipeza pa depoti mwezi watha anandiuza kuti mchemwali wake, amene ali m'gulu latsopano, anauzidwanso kuti 61.8 ndi khoma.